Chitseko cha firiji chikungotseguka chokha: ndigule labala watsopano?

*Bambo, firiji yathu ndi ya zitseko ziwiri, firiza pamwamba. Chisamukireni kuchoka ku Matero kubwera kuno ku Chilenje, chitseko chachikulu chapansi sichikugwira. Ndikachikankha chimaoneka ngati chatsekeka, koma pobwerako ndimapeza chayasama pang'ono, pansi pali madzi. Pano ndikumachitsamiritsa mpando. Ndimagulitsa munkoyo ndi maheu, ndiye mabotolo ambiri amakhala pachitseko pomwepo. Wina wandiuza kuti labala watha, ndigule wina. Kodi n'zoona? Ndine mayi wa ku Chilenje.*

Mayi, ndalama ya labalayo yambani mwaisunga kaye. Labala, uja wozungulira m'mphepete mwa chitseko, amatha pang'onopang'ono: amauma, amang'ambika pakona, amachita nkhungu. Sangathe tsiku limodzi chifukwa choti firiji yakwera galimoto. Chimene chimasintha tsiku losamuka ndi pansi pamene firiji yaima, ndiponso nthawi zina hinjesi ya m'munsi ngati onyamula anagwira chitseko pokweza. Ine ndikadabwera kwanu ndikadayamba kuyang'ana miyendo, kenako katundu wa pachitseko, kenako mahinjesi, labala n'kukhala womalizira. Musasinthe ndondomekoyi, chifukwa vuto la pansi limanamizira mahinjesi, ndipo vuto la mahinjesi limanamizira labala.

Anthu ambiri amaganiza kuti firiji iyenera kuima chilili ngati khoma. Ayi. Iyenera kupendekera chambuyo pang'ono, kutsogolo kukhale kokwera kuposa kumbuyo. Chitseko cha firiji za m'nyumba zathuzi chilibe loko. Chimagwidwa ndi kamzere ka maginito kamene kali m'kati mwa labala, ndipo mphamvu ya maginitoyo ndi yochepa, imayamba kukoka chitseko chikafika pafupi kwambiri ndi chitsulo. Chimene chimafikitsa chitseko pamenepo ndi kulemera kwake komwe. Firiji ikapendekera chambuyo, chitseko chimatsetserekera kotseka chokha. Ikaweramira kutsogolo, kulemera komweko kumachikokera kunja, ndipo maginito amalimbana ndi mabotolo anu usiku wonse mpaka kugonja.

Nyumba zambiri za kuno, makamaka zakalekale za simenti yopaka polishi wofiira, pansi pake sipolingana. M'khitchini amisiri ena amapendeketsa dala kuti madzi okolopera azitulukira kukhomo. Ndiye firiji ikatsamira khoma n'kuyang'ana pakati pa chipinda, kawirikawiri imakhala yaweramira kutsogolo osaoneka ndi maso. Ku Matero mwina inaima pamalo oikomera mwangozi, inu osadziwa.

Yesani motere. Chotsani chilichonse chimene chili pachitseko, mabotolo, mazira, majarini, zonse. Tsegulani chitsekocho theka la theka, osafika pamene chimaloza kwa inu mowongoka, n'kuchisiya. Firiji yoima bwino chitseko chake chimayenda chokha mofatsa mpaka kukagunda n'kugwira. Chikangoima pomwe mwachisiyapo, firiji yaima chilili kapena china chake chikukhula. Chikamabwera kwa inu, yankho mwalipeza kale. Musachiyese chitatseguka mbee, chifukwa chikapitirira pakati ngakhale firiji yabwino chitseko chake chimapita kunja. Kenako ikani manja pamakona awiri apamwamba n'kugwedeza. Ikamachita gwedegwede, yaimira miyendo itatu, wachinayi uli m'malere.

Zimenezi za miyendo itatu musazipeputse. Thupi la firiji ndi bokosi la malata opyapyala okhala ndi thovu louma pakati. Likaimira miyendo itatu litadzaza katundu limapotoka pang'ono, pamene chitseko chikadali chowongoka. Zikatero labala amagunda makona atatu, lachinayi n'kutsala ndi mpata. Munthu akaona mpatawo amathamangira kunena kuti labala watha, chonsecho chapotoka ndi bokosi.

Gwadani muyang'ane kunsi. Kutsogolo mupeza timiyendo tiwiri, tapulasitiki kapena tachitsulo, tokhala ndi mazinga ngati bawuti. Kumbuyo kawirikawiri kumakhala timatayala kapena miyendo yosasunthika. Tamtsogoloto ndi timene timakweza ndi kutsitsa. Zimitsani firiji pakhoma, chotsani zolemera ndi zotayika m'kati, munthu wina aikankhe pamwamba kuti ipendekere kumbuyo pang'ono, inu mulowetse kathabwa kunsi kuti isakugwereni zala. Musaigoneke pansi, chifukwa mafuta a mu kompuresa, injini imene imalira kumbuyo kwa firiji, amalowerera m'mapaipi. Tsono pukusani kamwendo kuti kazituluka, ndiye kuti katalike. Sindikuuzani kuti kumanja kapena kumanzere, chifukwa munthu atagwada n'kumasuzumira chozondoka amasokonezeka. Ingoyang'anani mazinga: akamaoneka ochuluka, mwendo ukutalika. Kakalimba ndi dzimbiri ndi polishi, donthezani mafuta a makina, dikirani pang'ono, gwirani ndi pulayala kapena sipanala.

Mukweze bwanji? Pang'ono chabe. Kutsogolo kupose kumbuyo ndi mamilimita 6 mpaka 10, ndiye kuti osapitirira sentimita imodzi, pa firiji imene kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo ndi masentimita pafupifupi 60. Pukusani kawiri mbali iyi, kawiri mbali inayo, tsitsani firiji, yesani chitseko, bwerezani. Ngati pali mmisiri womanga pafupi, bwerekani levulo, chida chija chokhala ndi kathovu choyezera ngati pamalo m'polingana, muiike pamwamba pa firiji. Mukaigoneka chopingasa, kuchokera kumanzere kupita kumanja, kathovu kakhale pakati penipeni. Mukailozetsa kukhoma, kathovu kasunthire pang'ono mbali ya kutsogolo, poti kamathawira kokwera. Levulo ikasowa, mbale yosaya yothira madzi imagwira ntchito yomweyo: madzi alingane kumanzere ndi kumanja, koma achuluke pang'ono mbali ya kukhoma.

Za kumanzere ndi kumanja zili ndi kanthu kamene ambiri sakadziwa. Mbali ya mahinjesi ikatsika kuposa mbali ya chogwirira, chitseko chikangotseguka pang'ono chimapitirira chokha mpaka kukamenya khoma kapena kabati. Choncho mukaona kuti mwakweza kutsogolo koma chitseko chikuthawabe mukachitsegula, onjezerani mwendo wa mbali ya mahinjesi kamodzi kapena kawiri. Koma musapitirize muyeso pokweza kutsogolo. Firiji yopendekera kwambiri chitseko chake chimamenyetseka, mazira n'kusweka, ndipo mphepo imene chimapanikiza m'kati imatha kukankha chitseko cha firiza, makamaka pa firiji zimene zipinda ziwirizi n'zolumikizana ndi njira ya mpweya. Mwakonza chapansi, mwatsegula chapamwamba.

Mwendo ukakhala kuti unathyoka posamuka, kapena pansi m'potsetsereka moti mazinga atha firiji isanafike, ikani kunsi chinthu chosaphwanyika: chidutswa cha tayilosi, kathabwa kolimba, kapena labala wokhuthala wa tayala. Katoni yopindapinda ndi imene aliyense amathamangira, koma ikangonyowa ndi madzi okolopera imaphwatalala, pakatha sabata ziwiri vuto labwerera.

Tsopano mabotolo anu aja. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo maheu ndi munkoyo amaposa pang'ono chifukwa cha ufa ndi shuga. Mabotolo 5 a malita 2 ndi makilogalamu 10. Mukapanikizirapo ena ang'onoang'ono 10 a theka la lita pamashelefu apamwamba, mwafika makilogalamu 15, theka la thumba la ufa la makilogalamu 25 n'kupitirira. Katundu yenseyo walendewera pa kapini kamodzi ka m'munsi, konenepa ngati pensulo, ndi kena ka pamwamba kongogwirizira kuti chitseko chisagwe. Kumene mwaika botolo kulinso ndi kanthu. Nyamulani ndowa ya madzi itagunda mwendo wanu, kenako muinyamule mutatambasula mkono, mumva kusiyana. Botolo limene lili pafupi ndi chogwirira lili kumapeto kwa mkono wotambasula, ndipo limapinda hinjesi kwambiri kuposa botolo lomwelo litakhala pafupi ndi mahinjesi. Ndiye zolemera zipite m'kati, pa shelefu ya m'munsi. Pachitseko patsale awiri kapena atatu, akuluakuluwo mbali ya mahinjesi. Ndipotu pachitseko ndi pamalo pofunda kuposa pena paliponse m'firiji, choncho malonda anu azizizira msanga mukawalowetsa m'kati.

Mukamalowetsa m'katimo samalani chinthu china. Mashelefu a pachitseko amalowa m'mimba mwa firiji chitseko chikatsekeka. Chigubu kapena poto amene watulukira ngakhale chala chimodzi kupitirira mlomo wa shelefu ya m'kati amagundana ndi botolo la pachitseko. Chizindikiro chake n'choti chitseko chimafika, n'kudumphira kumbuyo pang'ono ngati chakankhidwa. Mlandu womwewo umapezeka pa dilowa ya masamba ikadzaza repu ndi kabichi mpaka osalowa yonse, pa shelefu imene inalowetsedwa molakwika mutasamuka, ndi pa chogwirira cha sefuliya. Ngati simukuona chimene chikugunda, pakani choko kapena ufa pamilomo ya mashelefu a pachitseko, tsekani, tsegulani, muone pamene ufawo wadinda.

Mukachita zonsezi, chitseko chili chopanda katundu, firiji yapendekera bwino, koma chikukanabe kapena chikufuna kuti muchinyamule pang'ono kuti chilowe, ndiye tafika pa mahinjesi. Imani patali muyang'ane mpata wa pakati pa zitseko ziwirizo. Uyenera kukhala wofanana kuchokera uku kufika uko. Ukakula mbali ya chogwirira, chitseko chachikulu chagwa phewa. Tsegulani pang'ono, gwirani kunsi kwa kona ya chogwirira, nyamulani. Chitseko chabwino chimanyamuka pamodzi ndi firiji. Chikamasewera chokha, n'kumalira kho kho, pali chimene chamasuka kapena chadyeka. Suzumirani pa hinjesi ya m'munsi. Mukaona ufa wa pulasitiki woyera kapena wakuda, kapena mzere wokalika pamene chitseko chikukhula, ndiye kuti kapulasitiki kamene pini imazunguliramo, kamene amisiri timati bushi, kadyeka.

Firiji ngati yanuyo ili ndi mahinjesi atatu. Yapamwamba imagwira chitseko cha firiza ndipo yabisika pansi pa kachivundikiro ka pulasitiki. Yapakati ili ndi mapini awiri, ina yoyang'ana m'mwamba ina pansi, ndipo imatumikira zitseko zonse ziwiri. Yam'munsi ndi imene yasenza chitseko chachikulu, ndipo pa firiji zambiri mwendo wakutsogolo wa mbali imeneyo umamangidwa pa chitsulo cha hinjesi yomweyo kapena pafupi nayo. N'chifukwa chake firiji ikakokedwa pa simenti kapena kutsitsidwa m'galimoto mogwetsa, mwendo ukagunda pansi hinjesi nayo imapindika. Mabawuti ake kawirikawiri amalowa sipanala ya 8 kapena ya 10, ena ndi a sikuludilaiva ya nyenyezi. Poyamba ingomangani onse. Nthawi zambiri amakhala angomasuka ndi mabampu a msewu. Ngati chitseko chagwa phewa, masulani pang'ono mabawuti a hinjesi yapakati osawachotsa, wina anyamule kona ya chogwirira mpaka mpata ulingane, inu mumange ali chigwirire. Mabowo a mahinjesi ambiri amasiya kampata kosunthira pang'ono, ndipo kampatako n'kokwanira.

Ndikuuzeni za firiji ina imene ndinakonza ku Chawama, chifukwa ikufanana ndi yanu. Mwini wake, mayi wa kantemba, anali atasinthitsa kale labala, vuto osatha, ndipo chitseko ankachimanga ndi chingwe cha chubu cha njinga. Nditaika levulo ndinapeza firiji yaweramira kutsogolo pafupifupi sentimita yathunthu. Mwendo wa mbali ya mahinjesi unali utalowa wonse, winawo uli pa katoni yonyowa. Pachitseko ndinatsitsapo mabotolo 6 a malita 2 ndi botolo la mafuta ophikira. Nditakweza miyendo, chitseko chopanda kanthu chinayamba kudziyendera, koma chimati chikatsala pang'ono kufika n'kuima, kona ya m'munsi ikukhula. Mpata wa pakati pa zitseko mbali ya mahinjesi munkalowa pensulo movutikira, mbali ya chogwirira munkalowa chala changa chachikulu.

Ndinachotsa hinjesi yapamwamba n'kunyamula chitseko cha firiza, ndinamasula yapakati n'kunyamula chachikulu. Ndondomeko yake ndi imeneyo, kuyambira pamwamba kutsika, ndipo pobwezera mumayambira pansi. Bushi ya m'munsi inali itadyeka mbali imodzi, bowo lozungulira litasanduka ngati dzira, ndipo chitsulo cha hinjesi chinali chitaweramira pansi pang'ono. Chitsulocho ndinachiwongola pa vayisi. Bushi ndinaika ina yochokera ku firiji yakufa, n'kuvekanso kawashala kamodzi ka mamilimita pafupifupi 2 pa pini kuti chitseko chikwere, n'kupaka girizi pang'ono. Ntchito yonse sinakwane ola limodzi. Labala wakale uja anali akadali kuseri kwa kantemba, ndipo nditamuyang'ana analibe pong'ambika ngakhale pamodzi. Mayiwo anangogwira pakamwa.

Kawashala kali ndi malire ake. Kamakweza chitseko chonse, sikawongola chopendekera, ndipo mukaika tiwiri kapena titatu chitseko chachikulu chimayamba kukhula hinjesi yapakati. Komanso firiji zina, makamaka zazikulu za zitseko zoyang'anizana, zili ndi tipulasitiki tiwiri totsetsereka pa hinjesi ya m'munsi, timene timakweza chitseko pochitsegula kuti chitsetsereke chokha pobwerera. Timeneto tikadyeka chitseko chimalira pochitsegula ndipo chimasiya kudzitsekera. Mankhwala ake n'kusintha tonse tiwiri, osati washala. Ndipo chitseko chikakhala ndi mawaya kapena paipi ya madzi yodutsa mu hinjesi, monga zija zokhala ndi mabatani kapena pompi kunja, musachichotse nokha, itanani mmisiri. Pamene mazinga a m'thupi la firiji adyeka moti bawuti ikungozungulira, yang'anani mbali inayo. Mukaona timabowo totsekedwa ndi tizivundikiro, firijiyo inapangidwa kuti chitseko chizitha kutembenuzidwa, ndipo mmisiri angasamutsire mahinjesi kumeneko kumene mazinga ake sanagwirepo ntchito.

Pa firiza pali mdani wina, madzi oundana. Masiku amene magetsi amazima maola ambiri, monga mmene zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, chipale cha m'firiza chimasungunuka n'kutsikira kukhomo, magetsi akabwera n'kuundana pomwepo. Kamtunda kameneko kamatchinga chitseko. Chitseko chikayasama, mpweya wachinyezi umalowa, chipale n'kuwonjezeka, makamaka nyengo ya mvula. Zimitsani, siyani chitseko chotsegula, ikanimo poto wa madzi otentha. Mpeni ayi, chonde. Ndaona firiji zambiri zitafa chifukwa nsonga ya mpeni inaboola paipi ya gasi.

Labala tsopano. Mutsukeni ndi madzi ofunda a sopo, mpaka m'mikwingwirima mwake, ndiponso pukutani chitsulo chimene amagundapo. Maheu otayikira akauma amapanga kachikhakha kamene kamalepheretsa maginito kugunda, ndipo shuga wake amamata labala mpaka kumuzula pamalo pake potsegula. Mbali ya mahinjesi labala wouma amakonda kupindika m'malo motsetsereka, n'kumakankha chitseko ngati sipuling'i. Kupakapo vaselini pang'ono kwambiri kumathetsa zimenezo. Mukatero tengani pepala, litsekereni pachitseko, likokeni. Liyenera kulimba pang'ono. Yesani pamwamba, pansi, m'mbali ndi m'makona onse. Usiku mungathenso kuyatsa tochi n'kuisiya m'kati, kutseka, kuzimitsa nyale ya m'khitchini n'kuona ngati kuwala kukutulukira penapake. Pamene pepala likungosololoka, ndipo ndikukhulupirira kuti papezeka pakona imene yakhala miyezi osagunda bwino, ikanipo nsalu yoviika m'madzi otentha kwa mphindi zingapo kuti labala afewe, mukokereni kunja ndi zala, tsekani chitseko n'kuchisiya ola limodzi osatsegula. Amabwerera m'malo mwake. Woyenera kugula wina ndi amene wang'ambika, wauma gwa ngati chikuni, kapena maginito ake akuonekera kunja. Zikatero pitani ndi nambala ya mtundu wa firiji, imene ili pa kapepala komatidwa m'kati kapena kumbuyo, pamodzi ndi muyeso wa chitseko, chifukwa malabala amasiyana kalowedwe kake.

Mpando uja uchotseni lero lomwe mukangomaliza miyendo. Ukamakankha pakati pa chitseko umaphwatalalitsa labala mbali imodzi, ndipo umabisa vuto pamene hinjesi ikupitiriza kudyeka. Kuti mudziwe ngati mwathana nazo, bwezerani mabotolo awiri okha pachitseko, pukutani m'kati ndi pansi pouma, mugone. M'mawa yang'anani zinthu zitatu: pansi pakhale pouma, padenga la m'kati pasakhale madontho a madzi, ndipo kompuresa izimveka ikulira n'kupuma, osati kulira kosalekeza. Pakapita sabata gwedezaninso firijiyo ndi manja, chifukwa ikadzaza katundu miyendo imakhazikika ndipo mwina umodzi ufunika kuupukusa theka lina.